Chala Chokodwa: Vuto Lake Lili M'chikhatho

Pali vuto lina la dzanja limene limakonda kuonekera m'mawa. Munthu amadzuka dzanja lili lofumbata, monga ambirife timagonera, ndipo akamatambasula zala, zonse zimawongoka kupatula chimodzi. Chimenecho chimatsala chopinda, choloza m'chikhatho. Akalimbikira kuchiwongola, amamva ngati chagwidwa ndi kanthu mkati, kenako chimadzambatuka mwadzidzidzi, kuti thwa, ululu wake n'kukafika m'mkono. Ena amachita kuchiwongola ndi dzanja linalo. Dzuwa likakwera, dzanja litagwira ntchito pang'ono, chalacho chimafewa, ndipo mwini wake amaiwala mpaka m'mawa mwake.

Kuchipatala mudzamva akulitchula kuti tirigafinga. Dokotala wa ku France, Alphonse Notta, ndiye anayamba kulifotokoza m'chaka cha 1850. Si vuto lachilendo ayi. Mwa anthu 100 alionse, awiri kapena atatu adzakumana nalo pa moyo wawo, ndipo mwa odwala matenda a shuga chiwerengerocho chimafika pafupifupi 10. Limagwira amayi kuposa abambo, makamaka a zaka za pakati pa 40 ndi 60. Zala zimene limakonda ndi chala cha mphete, chala chachikulu ndi chapakati. Chamkombaphala ndi kachala kakumapeto zimagwidwa mwa apo ndi apo.

Mukamufunsa wodwalayo kuti vuto lili pati, amaloza mfundo yapakati pa chala, chifukwa ndi pamene amaona chala chikukana komanso pamene amamva kudumphako. N'chifukwa chake ambiri amapaka mankhwala pamfundopo, kuthowapo ndi madzi otentha, ena mpaka kutemapo mphini. Koma mfundoyo ilibe mlandu. Pamene pakukodwa ndi m'chikhatho, patsinde pa chala, ndipo munthu akamvetsa zimenezi amamvetsanso chifukwa chake thandizo lililonse, kuyambira kathabwa komangira chala mpaka jakisoni, limalunjika pamenepo.

Mmene chala chimapindira

Minofu ikuluikulu imene imapinda zala siili m'zalamo. Ili m'mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja. Gwirani mkono wanu pamenepo n'kufumbata dzanja mwamphamvu, muimva ikulimba. Mphamvu yake imafika kuzala kudzera m'mitsempha yoyera, yolimba, imene ntchito yake n'kukoka basi. Si mitsempha ya magazi, komanso si ija imatithandiza kumva kutentha ndi kukhudza. Chala chilichonse chili ndi mitsempha yokoka iwiri yochipinda, kupatula chala chachikulu chimene chili ndi umodzi wautali.

Mtsempha ukalowa m'chala umayenda m'chimake, momwe muli timadzi toterera. M'malo angapo chimakecho n'chokhuthala, chimapanga timphete tolimba timene timapanikiza mtsempha kufupa kuti usatukuke chala chikamapinda. Ganizirani lamba wodutsa m'timalupu ta buluku: timalupu timasunga lamba m'chiuno, koma lambayo amayenera kutsetsereka momasuka. Kalupu kamodzi kakachepa, kapena lamba akakhala ndi potupa, mukamakoka amakodwa pakalupupo, ndipo mukakoka mwamphamvu amadutsa modumpha.

Timphete tikulutikulu totere tilipo tisanu pa chala chilichonse mwa zala zinayi zija. Koyamba, kamene madokotala amakalemba kuti A1, kali m'chikhatho, pafupi ndi mzere wopingasa umene uli m'munsi mwa zala. Pamenepa ndi pamene mtsempha umalowera m'chimake, ndiponso pamene umapanikizika kwambiri munthu akagwira chinthu mwamphamvu. Kamphete aka kakakhuthala, khomo limachepa. Mtsempha nawo, chifukwa chokhuzika tsiku ndi tsiku, umatupa pamalo amodzi n'kupanga kachotupa kolimba.

Tsono n'chifukwa chiyani chala chimakodwa chitapinda, osati chitawongoka? Minofu yopinda zala ndi yamphamvu kwambiri kuposa yowongola. Popinda, imakoka kachotupa kaja n'kukadutsitsa pakamphete mokakamiza, kupita chakudzanja. Powongola, minofu yofookerapo ija imalephera kukabweza. Chala chimaima pomwepo mpaka mphamvu itakwana, ndipo kakadutsa m'pamene pamamveka kudumpha kuja. Usiku zala zimakhala zopinda kwa maola ambiri osagwedezeka, minofu ya m'dzanja n'kutupirako pang'ono, n'chifukwa chake m'mawa ndiye nthawi yovuta.

Mungathe kudziyeza nokha. Ikani chala cha dzanja linalo m'chikhatho, patsinde pa chala chovutacho, n'kudinikiza pang'ono. Nthawi zambiri pamapweteka. Kenako pindani ndi kuwongola chalacho pang'onopang'ono musanachotse chodinikiziracho. Mumva kanthu kakuyenda pansi pa khungu, kakupita n'kubwerera. Dokotala nayenso amachita zomwezi, ndipo n'zokwanira kudziwa matendawa. Ekisire sionetsa vutoli, chifukwa mafupa ali bwinobwino.

Chimene chimakhuthalitsa kampheteko mwa anthu ambiri sichikhala chinthu chimodzi choti n'kuchiloza. Ntchito zofuna kugwira mwamphamvu kwa nthawi yaitali, monga kulima ndi khasu, kudula nsalu ndi sizasi kapena kufinya zovala, zimatha kuyambitsa kapena kukulitsa vutoli, koma alipo ambiri ogwira ntchito zimenezi amene sadwala, ndipo ena amadwala osagwira ntchito yolemetsa n'komwe. Chodziwika bwino n'chakuti limayenda limodzi ndi matenda ena: shuga, nyamakazi yotupitsa mfundo, gauti, ndi kufooka kwa chithokomiro. Pa onsewa, shuga ndiye wamkulu. Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka zambiri amaumitsa ndi kukhuthalitsa minofu yolimba ngati ya timphete tija. Munthu amene zala ziwiri kapena zitatu zayamba kukodwa, kapena manja onse awiri, ndipo sanayezetsepo shuga, ayezetse. Ine ndimaona kuti ichi n'chofunika kuposa chala chenichenicho, chifukwa kwa ena dzanja ndilo limayamba kuulula matenda amene akanadziwika mochedwa.

Zina zofanana nazo

Si chala chilichonse chopinda chimene chili ndi vutoli. Pali matenda otchedwa ndi dzina la dokotala wina wa ku France, Dupuytren, amene amakhwimitsa mnofu wa pansi pa khungu la m'chikhatho n'kukoka chala pang'onopang'ono kwa zaka. Chala chotero sichidumpha, ndipo sichiwongoka ngakhale mutachikoka. Khate nalo limapinda zala, makamaka kachala kakumapeto ndi cha mphete, koma limabwera ndi dzanzi komanso kuwonda kwa minofu ya dzanja. Ana aang'ono a chaka chimodzi mpaka zitatu nthawi zina amapezeka ndi chala chachikulu chopinda kumapeto, chili ndi kachotupa patsinde. Limeneli ndi vuto lapachibale, koma thandizo lake n'losiyana: ena amachira okha akamakula, ena amafunika opaleshoni yaing'ono, ndipo jakisoni amene tikambe pano sabayidwa kwa ana otere.

Chimodzi chokha ndicho chosafunika kugonetsa. Ngati munabayidwa ndi minga, singano, waya kapena fupa la nsomba, ndiye patapita tsiku kapena masiku angapo chala chonse chatupa kuyambira patsinde mpaka kunsonga, chakhala chopinda pang'ono, chikupweteka mukadinikiza kumbali ya chikhatho, ndipo wina akayesa kuchiwongola ululu wake ndi wosapiririka, ndiye kuti m'chimake mwa mtsempha mwalowa tizilombo. Mafinya a mmenemo amatha kuononga mtsempha m'masiku ochepa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Masitepe a matendawa

Madokotala amaligawa vutoli m'masitepe anayi, ndipo sitepe imene munthu ali ndiyo imasankha thandizo. Poyamba pamangopweteka patsinde pa chala, mwina n'kumva kukwekwesa, koma chala sichikodwa pamene akukuyezani. Kenako chimayamba kukodwa, koma chimawongoka chokha mukalimbikira. Sitepe yachitatu ndi pamene muyenera kuchiwongola ndi dzanja lina. Yachinayi ndi pamene chakhala chopinda kwa nthawi yaitali moti mfundo yapakati ija, imene poyamba inalibe vuto, yayamba kuuma, ndipo chala sichiwongoka chonse ngakhale mutachikoka.

Kuti tione mmene zimayendera, tiyerekeze mayi wa zaka 54 amene amasoka zovala, ndipo wakhala akumwa mankhwala a shuga kwa zaka 8. Kwa miyezi iwiri tsopano chala chake cha mphete cha kudzanja lamanja chimakodwa m'mawa ndiponso akadula nsalu yolimba kwa nthawi, koma chimawongoka chokha. Ali pa sitepe yachiwiri. Atafika kuchipatala chachikulu cha m'boma lake, akhoza kuonedwa ndi kiliniko ofesa wa za mafupa. M'Malawi muno anthu amenewa akhala akuphunzitsidwa kuyambira 1985, ndipo ndi amene amagwira ntchito zambiri za mafupa ndi mfundo m'zipatala za m'maboma.

Choyamba chimene mayiyu ayenera kumva n'chakuti vutoli si loopsa, ndipo nthawi zina limatha lokha. Kafukufuku wina amene anatsatira odwala osalandira thandizo lililonse anapeza kuti pafupifupi theka anachira okha m'miyezi ingapo. Choncho ngati chala chikungokodwa mwa apo ndi apo ndipo sichikulepheretsa ntchito, kudikira si kulakwa. Akhoza kukulunga nsalu pa zogwirira za sizasi kuti zikhale zonenepa ndi zofewa, chifukwa chogwirira chonenepa sichifuna kufumbata kwambiri. Akhoza kuviika dzanja m'madzi ofunda m'mawa asanayambe ntchito. Mapiritsi ngati bulufeni amachepetsa ululu koma sakulitsa khomo la kamphete, ndipo kwa munthu wa shuga, wa BP kapena wa zilonda za m'mimba, kuwamwa masabata ambiri kumaika impso ndi m'mimba pachiswe. Mankhwala opha tizilombo alibe ntchito pano, chifukwa palibe tizilombo.

Kumanga chala

Sipulinti ndi kanthu kolimba kamene kamaletsa mfundo kupinda. Pa vutoli, mfundo imene kawirikawiri imamangidwa ndi yapatsinde, pamene chala chimakumana ndi chikhatho. Imakhazikidwa yowongoka kapena yopinda pang'ono chabe, madigiri 10 mpaka 15, ndipo mfundo ziwiri zakutsogolo zimasiyidwa zomasuka. Mfundo yapatsinde ikapanda kupinda, munthu sangafumbate dzanja lonse, choncho mtsempha suyenda mtunda wautali, kachotupa sikafika podutsa pakamphete, ndipo kukhuzana kumachepa. Malo amene akhala akupwetekedwa kambirimbiri tsiku lililonse amapeza mpata wophwa. Njira ina ndi kumanga mfundo yapakati yokha ndi kasipulinti kakang'ono, kamene ena amakakonda chifukwa sikatsekereza chikhatho.

Kumene kuli akatswiri a mafizo, amaumba sipulinti ya pulasitiki yofewetsedwa m'madzi otentha, yokwana dzanja la munthuyo. Kumene kulibe, kathabwa kaja adokotala amapanira lilime poyang'ana kukhosi kamagwira ntchito, kakakulungidwa ndi thonje n'kumatidwa ndi pulasitala kuchokera m'chikhatho kufika m'munsi mwa mfundo yapakati. Kumanga kothina ndiye ngozi yake. Nsonga ya chala ikazizira, ikasintha mtundu kapena ikachita dzanzi, masulani pomwepo.

Chimene chimagonjetsa anthu ambiri ndi nthawi. Sipulinti imafuna masabata 6 mpaka 10, osati masiku atatu. Ena amauzidwa kuvala usana ndi usiku, ena usiku wokha, ndipo kwa telala ngati mayi wathuyu, amene sangagwire sizasi chala chili chomanga, kuvala usiku ndi nthawi yopuma ndiko kotheka. Kwa ambiri usiku wokhawo umathandiza ndithu, poti umathetsa kukodwa kwa m'mawa. Tsiku lililonse ayenera kuivula kangapo n'kuyendetsa chala mofatsa: kupinda mfundo ziwiri zakutsogolo yapatsinde ili yowongoka, ndiponso kupinda chala chonse pochithandiza ndi dzanja linalo, osachikakamiza kuti chidumphe. Kupanda kutero, amachotsa kukodwa n'kutsala ndi chala chouma. Chizolowezi chomangochidumphitsa pofuna kuona ngati chikadali chokodwa n'chofunika kuchisiya, chifukwa kudumpha kulikonse kumapwetekanso malo omwewo.

Mwa amene amavala mokhulupirika, oposa theka amapeza bwino. Sipulinti imagwira bwino ntchito ngati vuto ndi latsopano, chala ndi chimodzi, ndipo munthu ali pa sitepe yoyamba kapena yachiwiri. Imagwira mochepa pa chala chachikulu, pa zala zingapo nthawi imodzi, komanso ngati vuto lapitirira miyezi 6.

Tinene kuti mayi uja wavala masabata 8. Ululu wachepa, koma chala chikukodwabe, ndipo masiku ena wayamba kuchiwongola ndi dzanja lamanzere. Wafika pa sitepe yachitatu. Apa kupitiriza ndi kathabwa n'kutaya nthawi.

Jakisoni wa m'chikhatho

Tisasokoneze ndi jakisoni wa ululu wobaya pathako, amene ena amapempha akaona kuti mapiritsi sakuthandiza. Ameneyo safika pa vutoli. Jakisoni amene tikunena ndi wa mankhwala a gulu la kotizoni, otchedwanso masiteroidi, ndipo amabayidwa pakamphete penipenipo. Madokotala akhala akuchiza vutoli motere kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo kwa akuluakulu ambiri amene chala chikukodwa ndithu, ndilo thandizo loyamba limene limasankhidwa. Ena amalipereka osadikira n'komwe kuyesa sipulinti, ndipo kwa munthu amene dzanja ndilo limamudyetsa, sindiona cholakwika pamenepo.

Ntchito yake imatenga mphindi zochepa. Wodwala amaika dzanja patebulo chikhatho chili m'mwamba. Wobayayo amafufuza kachotupa kaja, amatsuka khungu ndi mankhwala, ndipo amalowetsa singano yopyapyala patsinde pa chala, pakati penipeni, kuti apewe mitsempha ya magazi ndi yomvera imene imadutsa m'mbali. Mankhwala onse amakhala pafupifupi mililita imodzi, nthawi zambiri siteroidi wosakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi. Chofunika n'chakuti alowe mozungulira mtsempha, osati mkati mwake. N'chifukwa chake wobayayo angakuuzeni kuti mugwedeze chala pang'ono singano ili mkati: singano ikagwedezeka limodzi ndi chala, ndiye kuti yalowa mumtsempha, ndipo amaibweza pang'ono asanakankhe mankhwala. Kumapweteka, poti khungu la m'chikhatho limamva kwambiri, koma ndi kwa masekondi.

Zimene zimatsatira ndi zimene odwala ambiri sauzidwa bwino, ndiye amaganiza kuti jakisoni walephera. Kwa ola limodzi kapena angapo chala chimachita dzanzi. Dzanzi likatha, ena amamva ululu woposa wakale kwa tsiku limodzi kapena awiri. Panado ndi kansalu konyowetsa m'madzi ozizira zimakwanira. Ululu wa patsinde umayamba kutha m'sabata yoyamba, koma kukodwa kumachedwerapo, kumatha kutenga masabata awiri kapena atatu, nthawi zina kuposerapo. Chigamulo chenicheni chimaperekedwa patatha pafupifupi masabata 6. Chosayenera kuchilekerera ndi ululu umene ukukulirakulira patatha masiku awiri, limodzi ndi kutupa, kutentha kwa chala kapena kwa thupi. Zimenezo zingatanthauze kuti palowa tizilombo. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika n'zofuna chipatala tsiku lomwelo.

Jakisoni mmodzi amathetsa vutoli mwa anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Si onse amene amachira kotheratu: kwa ena limabwerera pakatha miyezi, ndipo tikawerenga patatha zaka zingapo, amene sanafunenso thandizo lina amakhala pafupifupi theka. Likabwerera, jakisoni wachiwiri amaloledwa ndipo amathandizanso ambiri. Madokotala ambiri amalekeza pa awiri kapena atatu pa chala chimodzi, chifukwa phindu limachepa, ndipo siteroidi wobwerezabwereza amatha kufooketsa mtsempha mpaka kuduka, ngakhale kuti zimenezi n'zosowa.

Palinso za khungu, zimene kwa ife akhungu lakuda n'zofunika kuuzidwa tisanabayidwe. Siteroidi akafika pafupi ndi khungu amatha kuliyeretsa pamalopo, ndiponso kusungunula mafuta a pansi pake n'kusiya kadzenje. Zimaoneka patapita masabata kapena miyezi. M'chikhatho, momwe khungu ndi loyererapo kale, sizionekera kwambiri, ndipo kawirikawiri mtundu umabwerera pang'onopang'ono m'miyezi ingapo kapena chaka. Munthu wosachenjezedwa akaona banga lotere amachita mantha pachabe.

Kwa mayi wathu wa shuga pali zinthu ziwiri zapadera. Choyamba, siteroidi, ngakhale wochepa chonchi, amalowa m'magazi n'kukweza shuga. Amakwera kwambiri tsiku loyamba ndi lachiwiri, ndipo mwa ambiri amabwerera m'malo pasanathe sabata. Choncho ayenera kunena kuti ali ndi shuga asanabayidwe, ayezedwe, ndipo ngati wapezeka wokwera kwambiri, n'kwanzeru kuyamba wamutsitsa kaye. Akabayidwa asasiye mankhwala ake, asamale kadyedwe, ndipo ngati ali ndi kamakina koyezera kunyumba aziyeza masiku amenewo. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kufooka ndi zizindikiro zoti abwerere kuchipatala. Chachiwiri, mwa odwala shuga, makamaka obaya insulini ndi amene zala zingapo zagwidwa, jakisoniyu amagwira mochepa ndipo vuto limabwerera kawirikawiri. Sizitanthauza kuti asayesedwe. Koma ndi bwino mayiyu adziwiretu kuti mwayi wake wofika pa opaleshoni ndi wokulirapo kuposa wa mnzake wopanda shuga.

Jakisoni akalephera

Tinene kuti chala cha mayi uja chinamasuka patatha masabata atatu, anasoka bwinobwino kwa miyezi 7, kenako chinayambanso. Anabayidwa kachiwiri, koma ulendo uno mpumulo unali wa miyezi iwiri yokha. Chotsala ndi kutsegula kampheteko.

Mawu oti opaleshoni amaopsa, koma iyi ndi imodzi mwa zazing'ono kwambiri za dzanja. Munthu sagonekedwa tulo; amabayidwa mankhwala a dzanzi m'chikhatho. Dokotala amacheka khungu pafupifupi sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, amapatula mitsempha yomvera, n'kudula kamphete ka A1 m'litali mwake. Mtsempha wokoka saudula. Popeza wodwala ali maso, amamuuza kuti afumbate ndi kutambasula dzanja pomwepo, kuti onse aone ngati kukodwa kwatha. Zonse zimatenga mphindi 15 kapena 20, ndipo munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ena amafunsa ngati chala sichifooka kamphete kakadulidwa. Sichifooka, chifukwa timphete timene timagwira ntchito yaikulu yosunga mtsempha kufupa ndi tachiwiri ndi tachinayi, timene tili m'chala mwenimwenimo, ndipo timeneto sitikhudzidwa. Oposa 9 mwa 10 alionse amachira kotheratu.

Pali njira inanso yodula kampheteko ndi nsonga ya singano popanda kucheka khungu. Bala lake limapola msanga, koma wochitayo saona chimene akudula, choncho madokotala ambiri amaipewa pa chala chachikulu, pamene mtsempha womvera umadutsa pafupi kwambiri ndi kamphete. Mtsempha umenewo ukadulidwa, mbali imodzi ya chala imatsala ndi dzanzi lokhalitsa.

Mayiyu auze dokotala tsiku limene anabayidwa jakisoni womaliza. Siteroidi amafooketsa chitetezo cha minofu pamalopo, ndipo opaleshoni yochitidwa posachedwa jakisoni atabayidwa imakhala ndi mwayi wokulirapo woti bala lichite mafinya. N'chifukwa chake ambiri amadikira pafupifupi miyezi itatu. Shuga nayenso ayenera kukhala wotsika, poti bala la munthu wa shuga wokwera limachedwa kupola.

Akatuluka, ayambe kuyendetsa zala tsiku lomwelo, ngakhale bandeji ilipo, ndipo dzanja azilikweza pamwamba kwa masiku awiri kapena atatu oyamba kuti lisatupe. Bala likhale louma, kutanthauza kuti kuchapa ndi kutsuka mbale zidikire mpaka ulusi utachotsedwa, patatha masiku 10 mpaka 14. Ntchito zopepuka akhoza kuyamba msanga, koma kudula nsalu yolimba kapena kugwira khasu kumafuna masabata atatu mpaka 6. Chipsera chimapweteka mukachidinikiza kwa masabata angapo, mwina miyezi, ndipo kuchisisita ndi mafuta bala litapola kumachifewetsa.

Amene amavutika pambuyo pa opaleshoni kawirikawiri ndi aja anafika pa sitepe yachinayi. Kamphete kakadulidwa mtsempha umayenda momasuka, koma mfundo yapakati imene yakhala yopinda kwa miyezi yambiri imakhala itafupikitsa minofu yake yoizungulira, ndipo kudula kamphete sikuitalikitsa. Munthu wotere amafunika mafizo ndi sipulinti yowongola mfundoyo usiku kwa masabata ambiri, ndipo ena amatsala ndi chala chosawongoka chonse. Choncho chala chikayamba kufuna dzanja lina kuti chiwongoke, kapena mukaona kuti mukachiika patebulo sichikugona chonse ngati zinzake, nthawi yodikira kuti chichire chokha yatha.